Nambala Yakuvutitsani: Kuyitsekera Pafoni Kapena Kukadandaula ku Kampani?

Mukatsekera nambala pafoni yanu, netiweki siidziwa chilichonse. Woyimbayo amayimbabe, kampani ya mafoni imalumikiza kuyimbako monga mwa masiku onse, ndipo foni yanu ndiyo imakana isanalire. N'chifukwa chake munthu amene wachotsa simu n'kuyiika m'foni ina amadabwa kuona anthu amene anawatsekera kale akuyambanso kumupeza, pakuti mndandanda wa nambala zotsekeredwa unatsala m'foni yakale ija.

Kutsekako n'kosavuta. Pa mafoni ambiri a Android, tsegulani mndandanda wa amene akuyimbirani, dinani nambalayo osachotsa chala, kenako sankhani Block. Pa iPhone, dinani kachizindikiro ka i pambali pa nambalayo, mutsike pansi mpaka mupeze mawu otsekera, amene pa mafoni ambiri amalembedwa kuti Block Caller. Zimenezi sizikhudza WhatsApp, kumene muyenera kukamutsekeranso padera.

Koma musanatseke, jambulani sikirini imene ikuonetsa nambala, tsiku ndi nthawi, ndipo musafufute uthenga uliwonse, ngakhale wonyansa chotani. Pa iPhone, mauthenga ochokera ku nambala yotsekeredwa safika n'komwe, choncho ngati munthuyo ayamba kuopseza mutamutsekera kale, inu simudzaona, ndipo simudzakhala ndi choonetsa.

Tiyerekeze kuti mayi wina akuyimbiridwa usiku uliwonse ndi munthu amene salankhula kanthu, amangopuma n'kudula. Mayiyo wajambula sikirini n'kutsekera nambalayo. Ngati foni yakhala chete kuyambira pamenepo, nkhani yatha, ndipo ine sindiona chifukwa chokavutikira ku kampani. Chimodzimodzinso ndi wotsatsa malonda wokakamira kapena munthu amene amangolakwitsa nambala.

Koma tinene kuti patapita masiku awiri nambala yachilendo yayimba nthawi yomweyo ya usiku, kachitidwe kake n'komweko, ndipo nayonso itatsekeredwa, foni yayamba kulira popanda nambala, pasikirini pakungolembedwa Private number kapena No Caller ID. Apa kutsekera kwafika pamalire ake, chifukwa foni imatsekera nambala, pamene wovutitsayo ndi munthu amene angagule simu ina mawa. Mayiyo angathe kuuza foni kuti izikana onse obisa nambala, kapena pa iPhone kutsegula Silence Unknown Callers, imene inabwera mu 2019, koma imeneyi imatontholetsa pafupifupi aliyense amene sali m'mndandanda wa anthu ake, kuphatikizapo a kuchipatala kapena amene akumuyitanira ntchito. Kampani yokha ndiyo nthawi zambiri imaona nambala yobisika ija, popeza kubisako kumangoletsa kuti isaoneke pafoni ya wolandira. Ndiye nthawi yokadandaula yakwana.

Pali zinanso zimene sizifunika kudikira kuti munthu ayimbe kachiwiri. Wina akadzitcha wogwira ntchito ku kampani ya mafoni kapena ku banki n'kukupemphani nambala yachinsinsi, kapena manambala otsimikizira amene angobwera kumene pa uthenga, mukangomutsekera mwadziteteza nokha, koma iye akuyimbira wotsatira. Nazonso nambala za kunja zimene zimalira kamodzi n'kudula n'zofunika kuzinena, chifukwa cholinga chake n'choti muyimbe nokha, mulowe pa laini yodula kwambiri pa mphindi iliyonse. Musayimbe.

Dziwani kuti batani lolembedwa Report spam pa pulogalamu yoyimbira ya Google limatumiza dandaulo lanu ku Google, osati ku kampani ya simu yanu, ndipo anthu ambiri amakhala pansi n'kumadikira yankho limene silidzabwera. Imbirani kampaniyo pa nambala yake yothandizira makasitomala, imene mwaipeza nokha osati imene wakupatsani woyimbayo, kapena pitani ku ofesi yake. Perekani nambala zonse zimene zakuvutitsani, tsiku ndi nthawi ya kuyimba kulikonse, makamaka kumene kunalibe nambala, chifukwa nthawi yeniyeniyo ndi imene imawathandiza kupeza kuyimbako m'kaundula wawo. Pemphani nambala ya dandaulo lanu ndipo muilembe, kuti ngati sakuthandizani mukaipereke ku bungwe loyang'anira makampani a mafoni m'dziko lanu.

Musayembekezere kuti akuuzani dzina la mwini nambala, pakuti zimenezo kawirikawiri amazipereka kwa apolisi okha potsatira lamulo. Ndipo nambala yooneka pasikirini ikhoza kukhala yabodza, yobwerekedwa kwa munthu wosadziwa kanthu, choncho kuilengeza pagulu kungapweteke wosalakwa. Ngati woyimbayo waopseza kuti akuvulazani, akufuna ndalama kuti asaulule zinsinsi zanu, kapena akutchula kumene muli ndi zimene mwavala, yambirani kupolisi tsiku lomwelo mutatenga zithunzi za sikirini zija, ndipo ku kampani mupite pambuyo pake.