Penti sachiza chinyontho: onani izi chizimalupsa chisanagwe

[Chithunzi: kuseli kwa nyumba ya lendi ku Ulongwe, khoma losupuka m'munsi]

Tayang'anani khoma ili. Linapentedwa chaka chatha chomwechi, lero penti akusupuka ngati khungu la njoka. Eni nyumba za lendi nonse, kaya muli kuno ku Angonia, ku Tsangano kapena ku Moatize, musachoke, chifukwa bodza limene linadya ndalama pakhoma ili mwina likudyanso zanu. Koma tiyambe ndi zapamwamba, mwachangu.

Choyamba, denga. Lowani m'nyumba masana dzuwa lili pamutu, tsekani zitseko, yang'anani kumwamba. Paliponse pamene pakulowa kuwala padzalowa madzi. Ngati pali siling'i, funani zipsera zofiirira. Misomali ikhale pamsana pa lata, osati mu mkwasa moyenda madzi.

Chachiwiri, ngalande za m'mphepete mwa denga. Chotsani masamba a mango ndi fumbi, kenako thirani ndowa imodzi kumapeto. Madzi akaima, ndiye kuti ngalande yagona. Izitsika pafupifupi sentimita 1 pa mamita 3 alionse. Basi.

Musanaiwale, dinani Subscribe. Ambiri mumangoonera n'kuthawa, ndimakuonani!

Chachitatu, ndipo apa ndiye pamene pandibweretsa. Mlenti akadandaula kuti khoma likunyowa, eni nyumba ambiri amayankha kuti, "Musadandaule amayi, tipaka penti wa oyilo, madzi sadutsa." Ayi ndithu! Madziwo sakuchokera kuchipinda, ali kale m'kati mwa njerwa. Njerwa imamwa madzi a m'dothi ngati chingwe cha nyali chikukoka palafini. Khomalo limauma potulutsa madziwo kumphepo. Mukamata ndi penti wa oyilo kapena pulasitala wa simenti yambiri, mwatseka potulukira. Madzi amakwera kufuna malo ena, ndipo mzere wonyowa umene unali m'mawondo mumaupeza m'chiuno.

[Kamera pafupi: chala chikupala ufa woyera pakhoma]

Mwauona ufa woyerawu? Ndi mchere wa m'dothi ndi m'njerwa, umatsala madzi akauma. Ukaunjikana kuseli kwa penti umamutukumula mpaka kuphulika.

Ineyo ndinapusa nazo pa nyumba yomwe ino. Mmisiri wina anandiuza zomwezo, ndinagula penti, ndipo pofika Febuluwale alenti anga anandionetsa matilesi a ana atachita nkhungu. Manyazi ake! Nditazungulira kuseli kuno ndinapeza kuti vuto silinali khoma. Mbali ino inalibe ngalande ya padenga, ndipo alenti anali ataunjika dothi la bedi la maluwa mpaka kukwirira pulasitiki wakuda uja amaika pakati pa maziko ndi khoma. Pulasitikiyo ndiye mlonda woletsa madzi kukwera, ndipo amayenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa dothi, ngati mizere iwiri ya njerwa. Dothi likamupitirira, madzi amangomulambalala.

Tiwerengere limodzi. Milimita 1 ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Mbali ino ya denga ndi mamita 10 kwa mamita 3, ndiye masikweya mita 30. Mvula ya mamilimita 40 ikagwa usiku umodzi, amenewo ndi malita 1,200, migolo 6 ya malita 200, yonse kukhuthukira patsinde pa khoma limodzi. Ndiye inu mukuti kachitini ka penti kalimbane ndi migolo 6?

Mwina mukuti, nanga ndidziwa bwanji kuti ndi madzi a m'khoma osati nthunzi ya m'nyumba? Dulani pulasitiki ngati chikhatho chachikulu, mumate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, mudikire masiku awiri. Kukanyowa kumbali yoyang'ana khoma, madzi ali m'njerwa. Kukanyowa kunja, ndi nthunzi yophikira kapena zovala zoyanika m'nyumba, ndipo mankhwala ake ndi kutsegula mawindo. Yesani, mundiuze zimene mwapeza.

Ine ndinafukula dothi lija, ndinaika ngalande ndi paipi yotaya madzi kutali ndi maziko, ndinamanga kakhonde ka simenti kotsetserekera kunja. Penti wakaleyu ndimupala, khoma ndilisiya lamaliseche. Apa pamafunika mtima, chifukwa khoma lochindikala limatenga miyezi kuti liume, osati masabata. Mukapenta mu Novembala mwataya mametikali anu; dikirani chilimwe, ndipo mupake laimu kapena penti wa madzi, amene amalola khoma kupuma.

Chachinayi, ngalande ya pabwalo: ifukuleni, ndipo musalozetse madzi kwa aneba, mungakaonekere kwa amfumu.

Sabata yamawa tikwera padenga kukaona chiswe m'mitanda. Tumizani vidiyoyi kwa eni nyumba anu, makamaka aja agula kale penti.