Logilayini: sewero lonse m'chiganizo chimodzi

[Wolankhula wakhala pamthunzi ku Bangula, kope lili m'manja.]

Muli bwanji nonse? Mnzanga wina wa gulu la zisudzo kuno anandionetsa chiganizo chofotokoza sewero lake la mphindi 10. Chiganizo chotere akatswiri a mafilimu amachitcha logilayini. Chake chinali ichi:

[Mawu pa sikirini] "Sewero lonena za mavuto a kusefukira kwa madzi m'chigwa cha Shire."

Apa palibe sewero, pali mutu wa msonkhano. Mavutowo tonse tikuwadziwa, tinawaona mu 2015, tinawaonanso ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Koma pa kamera tiona ndani? Akufuna chiyani?

Tinayamba ndi munthu mmodzi. Dzina lake sitinalilembe, chifukwa wowerenga sakumudziwa. Tinalemba chimene iye ali: mnyamata wopalasa bwato wa ku Makhanga. Chimene akufuna chiyenera kuoneka ndi maso. "Akufuna mtendere" simungajambule. "Akufuna kuwolotsa bambo ake" mungajambule, ndipo woonera adziwa yekha ngati zatheka kapena zakanika.

Tsopano pamene ambiri amagwa. Ndani akumuletsa? Mnzangayo anati madzi. Ayi. Madzi sayankha, simungakangane nawo kwa mphindi 10, komanso ndi foni imodzi mujambula bwanji chigumula? Mnyamatayo alimbane ndi munthu, ndipo munthuyo akhale ndi chifukwa chomveka. Tinasankha bambo ake omwewo. Akukana kukwera bwato. Si kuuma mutu chabe: mkazi wawo anaikidwa pamenepo. Mukapatsa bambowo chifukwa chopepuka, woonera aima kumbali ya mwana nthawi yomweyo, mkangano n'kuthera pomwepo. Apa onse awiri akunena zoona, ndiye mtima wa woonera ugawikana.

Chotsala ndi nthawi. Popanda malire, awiriwa akhoza kukangana mpaka chaka chamawa. Madzi aja tawapezera ntchito: akhale wotchi.

[Mawu pa sikirini] "Mnyamata wopalasa bwato wa ku Makhanga ali ndi usiku umodzi wokha woti awolotse bambo ake madzi a Ruo asanalowe m'mudzi, koma bambowo analumbira kuti sadzasiya manda a mkazi wawo."

Mawu 29 okha. Yang'anani "koma" uyo, ndi pamene pagona mkangano. Mukaona kuti chiganizo chanu chadzaza ndi "kenako, kenako", ndiye kuti mukufotokoza nkhani yonse, osati mkangano wake. Mathero sitinawaulule dala.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Muwerengereni munthu amene sewerolo sakulidziwa. Akafunsa kuti "ndiye nkhani yake ndi yotani?", bwererani ku kope. Ine ndinawerengera mayi wina wogulitsa nsomba pamsika pano. Anasiya kuwerenga ndalama, n'kundifunsa kuti, "Nanga madalawo anakwera?"