Tsekani buku, kenako mulembe

Zikomo a mpando, zikomo amayi ndi abambo. Inu ali kumbuyoko senderani kuno, mawu anga safika kutali.

Nc'wala, mwambo wa Angoni, yayandikira, Loweruka lomaliza la Febuluwale tonse tili ku Mtenguleni kufupi ndi Chipata, ndipo ambiri mwa inu mwandipatsa nkhani zanu za mbiri ya Angoni kuti ndiziwerenge. Mwa nkhanizo, zitatu zinayamba ndi ndime imodzimodzi, mawu ake omwewo, mpaka mpumiro pamalo amodzi. Mayina sinditchula. Eniake akudzidziwa, ndaona ena akuyang'ana pansi.

Tiyeni titenge ndime yomweyo, ya mfumu ya Angoni Zwangendaba kuwoloka Zambezi ndi anthu ake mu 1835, tsiku limene kadamsana anagwira dzuwa. Zimene zinachitikazo zilibe mwini. Chaka cha 1835 ndi cha tonse, aliyense angachilembe. Chimene chili ndi mwini ndi mmene munthu anayalira mawu ake: chimene anayamba nacho, fanizo limene anasankha, pamene anathera. Mukatenga ndime yake nkumangosintha "anawoloka" kukhala "anadutsa", "gulu" kukhala "khamu", ndimeyo ikadali yake. Mbuzi yakuba, ngakhale muidule khutu, mwini wake amaizindikira.

Ndipo mvetserani apa, chifukwa ndi pamene ambiri timagwa. Kumasulira ndime ya Chingelezi kuika m'chinenero chathu, chiganizo ndi chiganizo, osatchula mwini, ndi kukopera ndithu. Lamulo la dziko lino la Zambia la 1994 loteteza ntchito za olemba limaika kumasulira m'manja mwa mwini nkhani, ndipo chitetezocho chimakhalapo moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira.

Nanga tichite bwanji? Ine ndimawerenga ndimeyo kawiri. M'kope ndimalemba mfundo zokhazokha: Zwangendaba, Zambezi, Novembala 1835, kadamsana. Pambali pomwepo, nthawi yomweyo, ndimalemba dzina la wolemba, dzina la buku, chaka chimene linasindikizidwa ndi tsamba. Mukati mudzalemba mawa, mawa lake bukulo labwerera kwa mwini ndipo tsamba mwaiwala. Kenako ndimatseka buku, nkufotokoza nkhaniyo ngati ndikuuza mlongo wanga pakhonde. Ndikatha ndimatsegulanso kuyerekeza. Ndikapeza mawu ambirimbiri otsatizana ofanana ndi a m'buku, ndiye kuti mutu wanga waloweza, ndibwerezenso. Koma ngati mawu ake ndi okoma moti sindifuna kuwasintha, ndimawatenga chiganizo chimodzi kapena ziwiri, ndendende, nkuwatsekera m'zizindikiro za mawu ogwidwa, dzina lake pambali. Osati tsamba lathunthu ayi.

Tsopano onani phindu lake pa tsiku lenilenilo. Mabuku ena amati Angoni anawoloka pa 19 Novembala, ena pa 20. Akatswiri a zakuthambo amawerengera kuti kadamsanayo anachitika pa 20. Wokopera amangotola 19 kapena 20 osadziwa kuti pali kusiyana, ndipo wina akamufunsa amasowa chonena. Koma amene walemba kuti "malinga ndi buku lakuti, tsamba lakuti" wamupatsa wowerenga njira yoti akadzionere yekha. Mumulozere pakhomo penipeni. Kulemba kuti "ndazipeza pa intaneti" kuli ngati kuuza mlendo kuti amalume amakhala ku Kapata, basi, akafufuze yekha nyumba.

Ine ndinapsapo pamenepa. Ndinatchula buku limene sindinaligwirepo, chifukwa wolemba wina analitchula. Bambo wina wachikulire anandifunsa kuti zili pa tsamba liti, ine kukamwa pululu. Ngati munawerenga Uje akunena za buku la Ujeni, lembani choncho: "Ujeni, monga wamutchulira Uje." Palibe manyazi pamenepo.

Mwakweza dzanja amayi? Eya, funso labwino, akuti nanga zimene agogo anatiuza. Agogonso ndi gwero, ndipo kuno kwathu ndiwo amene timawabera kwambiri chifukwa sadzawerenga nkhaniyo. Lembani dzina lawo, mudzi, ndi tsiku limene munacheza nawo. Koma yambani mwawapempha. Ena safuna kutchulidwa, makamaka pa nkhani za ufumu, ndiye mumangoti "mayi wina wachikulire wa kwa Mpezeni, pocheza mu Januwale."

Mauthenga oyenda pa foni opanda dzina, aja amati "tumizani kwa ena", musawayese gwero. Tengani chiganizo chimodzi, muchilembe mu Google mutachitsekera m'zizindikiro zija, nthawi zambiri mwini amatulukira. Ndi mmene ndinagwirira nkhani zitatu zija, sizinanditengere mphindi zisanu.

Tulutsani makope. Ndiwerenga ndime imodzi mokweza kawiri, inu mulembe mfundo zokha, kenako aliyense ayale yakeyake. Amene alibe cholembera, pali ziwiri pano pa tebulo.