Usanaike sizasi pa nsalu ya mayi aja

Eya mwanawe, ndikutumizira mawu, ndili mu minibasi sindingathe kulemba. Tamvera bwinobwino. Zitenje ziwiri zobiriwira zili pa shelefu zija, zonse pamodzi ndi mamita 4. Eni ake pozisiya dzulo anangoti, "Mundisokere ya pachinkhoswe, ikhale yabwino," basi n'kuthamangira kuntchito. Usadule kaye.

Ya pachinkhoswe ikhoza kukhala diresi, ikhozanso kukhala siketi ndi bulauzi. Ine m'mutu mwanga ndaona diresi lalitali, koma amenewo ndi maganizo anga, mayiwo sananene. Komanso usawaunjikire mafunso khumi, akuti khosi lotani, manja otani, zipi pati. Munthu ali pantchito angokuyankha kuti "inu ndi amene mukudziwa," ndiye wabwerera pomwe unayambira. Iwe sankhiratu, kenako uwauze zimene wasankhazo, kuti ntchito yawo ingokhala kuvomera kapena kukonza chinthu chimodzi.

Ulembe chonchi pa WhatsApp: "Mayi, ndamva ngati mukufuna diresi limodzi lofika m'mapazi, osati siketi ndi bulauzi. Ndigwiritsa ntchito miyezo yanu ya chaka chatha, chiuno mainchesi 36. Manja ofika m'chigongono, zipi kumbuyo, yotsalayo ndikusiyirani ya duku. Ndidula mawa m'mawa. Pamene ndaphonya mundiuze lero."

Waona kuti ndayamba ndi za diresi ndi miyezo? Ndachitira dala. Anthu ambiri amawerenga mizere iwiri yoyamba yokha, ndiye pamwamba uziika zimene sizibwezeka nsalu ikadulidwa. Zipi tikhoza kusomola n'kuika ina, mpendero tikhoza kuukweza. Koma ukadula zidutswa za diresi, siketi ndi bulauzi sizitulukamonso bwino, ndipo mtundu wa chitenje chimenechi mwina pamsika unatha kale.

Nambala ya chiunoyo uilembe ndithu. Ukangoti "miyezo yakale" avomera osaganiza. Akaona 36 m'pamene amadzidzimuka n'kunena kuti ayi, ndanenepako, ndibwere mudzandiyezenso. Ine zinandionekera ndikuyamba kumene ntchitoyi. Ndinasokera mayi wina ndi miyezo ya m'kope osamuuza, kumeneko anali atangochira kumene, mwana ali kumsana. Diresi linakana kutseka pachifuwa kutatsala tsiku limodzi ukwati. Ndinagula nsalu ina ndi ndalama zanga, n'kuchezera pamakina usiku wonse, ndipo nkhope ya mayiyo sindiiwala mpaka lero.

Tsopano akakhala chete. Pa zazing'ono, monga mtundu wa ulusi, pitiriza monga wanenera. Koma pa kudula, usatenge chete ngati kuvomera, mwina foni yatha moto kapena alibe bandulo. Ikakwana 7 koloko m'mawa asanayankhe, uwaimbire, uwawerengere uthenga womwewo. Akati eya, lemba m'kope tsiku ndi zimene mwagwirizana, kenako tenga choko uyambe kujambula. Ine ndifika cha m'ma 10.