Akasupe a madzi otentha: zimene amatiuza za pansi pa nthaka

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo nonse. Ndikudziwa kuti ena mwachokera ku ntchito ya usiku, ndiye ndipita pa nkhani.

Ndiyambire konkuno ku Joni. Agogo athu ambiri anabwera kuno pa Wenela kudzagwira m'migodi, ndipo amene analowako pansi amasimba za kutentha. Mgodi wa Mponeng, kufupi ndi Carletonville, watsika pafupifupi makilomita 4, ndipo thanthwe la kumeneko limatentha madigiri opitirira 60. Amachita kutsitsako ayezi kuti anthu athe kugwira ntchito. Tsono tamvani izi: ku Chiweta, m'boma la Rumphi, madzi amatumphuka pamwamba penipeni ali ndi madigiri opitirira 70. Palibe wakumba, koma akuposa thanthwe la pansi pa Mponeng. Chikuchitika n'chiyani kwathuku?

Kuno nthaka ndi yakalekale, yokhuthala ndi yokhazikika, choncho kutentha kumakwera pang'onopang'ono munthu akamatsika. Kwathu tili m'chigwa chimene dziko likung'ambika. Nyanja ya Malawi, imene pena imazama mamita pafupifupi 700, yakhala mu mng'alu umenewu. Phiri limene mumakwera pa Chiweta, basi ikulira m'makhotolo muja, ndi mbali imodzi ya mng'alu: uku kunakwera, uko kunatitimira. A ku Karonga mukukumbukira zivomezi za mu Disembala 2009. Ming'alu imeneyi ikadasuntha mpaka lero.

Mvula ikagwa kumapiri, madzi ena amalowa m'ming'alu n'kumatsika zaka zambirimbiri. M'malo ambiri padziko, kilomita iliyonse imene watsika kutentha kumawonjezeka ndi madigiri 25 mpaka 30. Tiwerengere limodzi. Madzi alowa ali ndi madigiri 25, atsika makilomita 3, ndiye kuti afika pa madigiri 100 mpaka 115. Akapeza mng'alu wotseguka bwino amakwera msanga, chifukwa madzi otentha ndi opepuka komanso madzi a kumapiri akuwakankha kumbuyo. Panjira amazirala, ena amasakanikirana ndi madzi ozizira, n'kutuluka ali 70 kapena 60, ngati a ku Mawira ku Nkhotakota. Mwaona kuti sipanafunike phiri lophulika pa nkhani imeneyi. Kuzama ndi mng'alu zakwanira.

Apa ndi pamene ndikufuna tisiyanitse bwino, chifukwa ndimamva anthu akuti, "Kenya ikupanga magetsi ndi nthunzi, ife tikudikira chiyani?" Ku Olkaria, pafupi ndi nyanja ya Naivasha, anayamba kupanga magetsi mu 1981. Koma pansi pa Olkaria pali miyala imene inasungunuka posachedwapa, ndipo sinazirale. Akaboola makilomita 2 kapena 3 amapeza madigiri 250 mpaka kupitirira 300. Madzi otero akamakwera m'chitsime amasanduka nthunzi okha, nthunziyo n'kupukusa makina. N'chifukwa chake akatswiri amafunsa kaye zaka za phiri. Chiphalaphala chimene chinalowa pansi zaka mamiliyoni ambiri zapitazo chinazirala kale. Phiri la Mulanje ndi la Zomba anabadwa ndi moto ndithu, koma papita zaka zoposa 100 miliyoni, ndiye musayembekezeko nthunzi. Mapiri a moto obadwa posachedwapa amene tayandikana nawo ali ku Tanzania, cha ku Mbeya, kumpoto kwa nyanja yathu: Rungwe, Ngozi ndi Kyejo, limene linaphulika cha m'ma 1800. Mkati mwa Malawi mulibe otero.

Eya amayi, mwakweza dzanja. Mukufunsa kuti tingadziwe bwanji kutentha kwa pansi tisanaboole? Funso limenelo ndiye ntchito yeniyeniyo.

Madzi amabwera ndi umboni wake. Akakhala nthawi yaitali m'thanthwe lotentha amasungunula silika, chinthu chomwe chija chimapanga mchenga woyera, ndipo akatentha kwambiri amasungunulanso wambiri. Ubwino wake ndi wakuti madzi akazirala pokwera, silikayo sachoka msanga. Ndiye katswiri amapita pa kasupe m'chilimwe, mvula isanasokoneze, n'kufufuza diso lotentha koposa, pamene madzi akubwata kuchokera m'mwala osati pa dziwe pamene anthu amasamba. Amayeza kutentha, amayeza malita amene akutuluka pa sekondi, amasefa madziwo n'kuwathira m'mabotolo. Ku labotale akapeza mamiligalamu 50 a silika pa lita, ndiye kuti madziwo anafikapo madigiri pafupifupi 100. Akapeza 70 ndi pafupifupi 118, akapeza 100 ndi pafupifupi 137. Amayerekezanso sodiyamu ndi potasiyamu, amene amapereka yankho lawolawo. Mayankho awiriwa akagwirizana, mtima umakhala pansi. Akasiyana kwambiri, kawirikawiri ndiye kuti madzi ozizira alowerera, kapena madziwo sanakhalitse pansi, ndipo nambala zoterozo sungapite nazo kukapempha ndalama zoboolera. Zoyeza za ku Chiweta zimaloza kutentha kopitirira madigiri 100, koma kosafika pa za ku Olkaria.

Kutentha pakokha sikukwanira. Pafunika mphika, madzi, moto ndi chivundikiro: thanthwe long'ambika losunga madzi, mvula yobwezeretsa, kutentha, ndi dongo pamwamba lotsekera. Dongo limeneli amalifufuza ndi zipangizo zoyeza mmene nthaka ikudutsitsira magetsi, pakuti dongo limawadutsitsa mosavuta kuposa thanthwe louma. Koma pali msampha m'mbali mwa nyanja: matope akale a m'nyanja nawonso amadutsitsa magetsi chimodzimodzi, ndiye munthu wosasamala angaone ngati wapeza chivundikiro pamene wapeza matope wamba. Msampha wina ndi wakuti kasupe sakhala nthawi zonse pamwamba pa nkhokwe ya madziwo. Ming'alu imatsika mopendekeka, ndipo madzi amatha kuyenda chammbali makilomita angapo. Kuboola pa kasupe penipeni kungakupatseni chitsime chotentha koma chouma. Chifukwa chake amayamba ndi zitsime zing'onozing'ono zoyezera kutentha, kenako chachikulu, chimene chimadya madola mamiliyoni angapo chimodzi chokha.

Nanga madzi a madigiri 120 tingatani nawo? Nthunzi yake ndi yochepa, siingapukuse makina mwachindunji. Pali makina a mtundu wina: madzi otentha amadutsa m'mapaipi n'kutenthetsa madzimadzi ena owira msanga, monga penteni, ndipo mpweya wa penteniyo ndi umene umapukusa makina. Madzi aja amabwezedwa pansi kudzera m'chitsime chachiwiri kuti nkhokwe isaphwe. Tiwerengenso. Chitsime chikupereka malita 50 pa sekondi, madzi alowa ali 120, atuluka ali 70. Kutentha kumene tatengako ndi pafupifupi mamegawati 10, koma makina otere amasandutsa magetsi gawo limodzi lokha mwa magawo 10. Tatsala ndi megawati imodzi. Yerekezani ndi Kapichira, imene imapanga pafupifupi 130.

Ena mwagwa nkhope, koma ine sindikuona choncho. Megawati imeneyo imayaka usana ndi usiku, Shire aphwe kapena asefukire, ndipo madzi otsala a madigiri 70 aja angaumitse usipa kapena mpunga wa ku Karonga asanabwezedwe pansi. Choncho wina akadzabwera ku gulu lathu lino ndi pepala lakuti tisonkhe ndalama za magetsi a pa kasupe wakutiwakuti, mumufunse zotsatira za silika, malita pa sekondi, ndiponso ngati pali chitsime choyezera chimene chinabooledwa kale.

Abambo kumbuyoko, ndakuonani, funsani.