Mmene muwayankhire mayi a mpunga aja a ku Lilongwe

Achimwene, uthenga wa mayi aja a ku Lilongwe ndauwerenga, ndipo ndikupempha kuti musawayankhe kufikira mutamva zonse zimene ndikunenazi. Yambani mwatsegula buku la maoda kuti mutsimikize nkhani yake. Anagula matumba 5 a mpunga a makilogalamu 50, analipira pa Airtel Money, tinawalonjeza Lachitatu, katundu wafika Loweruka, ndipo thumba limodzi lafika litanyowa.

Mukatero muwaimbire... ayi, ndakulakwitsani, muyambe mwalemba, chifukwa iwo adandaula polemba ndipo akufuna yankho loti akhoza kulisunga. Kuimba kubwere pambuyo.

Mukawerenga bwino uthenga wawo, muona kuti za thumba azitchula kamodzi kokha, pamene zoti foni yathu inkangoitana osayankhidwa azibwereza katatu. Pamenepo ndi pamene pali mkwiyo wawo, choncho kupepesa kwanu kuyambire pomwepo. Mulembe kuti, "Mayi, pepani kwambiri kuti munatiimbira osakuyankhani, pamene mpunga wanu unali utachedwa ndi masiku atatu. Vuto ndi lathu."

Tsopano apa mumvetsetse. Musatchule dalaivala. Ndikudziwa kuti galimoto inawonongeka isanafike ku Salima, ndikudziwanso kuti mvula inawapeza lona atang'ambika, koma mayi aja sanapangane ndi dalaivala, anapangana ndi ife, ndipo galimotoyo tinaisankha ndife. Ngati afunsa okha chimene chinachitika, muwafotokozere mwachidule pa foni. Ndikubwereza, mu uthenga woyambawu dalaivala asalowemo. Mnyamata wina amene ankagwira ntchito pano ndinamuuza zomwezi, iye n'kukalembera kasitomala ndime yaitali ya za msewu ndi matayala, mpaka kumuuza kuti mtima ukhale m'malo. Kasitomalayo anatumiza uthengawo pa gulu la amalonda anzake, ndipo maoda a kumeneko anathera pomwepo.

Kenaka muwapatse njira ziwiri kuti asankhe okha: tiwatumizire thumba lina, ndalama yoyendera ili kwa ife, kapena tiwabwezere ndalama ya thumbalo lero lomwe pa nambala imene analipirira. Akasankha thumba, munene tsiku lenileni. Muyambe mwafunsa kuchigayo ngati mpunga wopuntha kale ulipo, ndipo ngati mukuona kuti ukhoza kufika Lolemba, inu munene Lachiwiri, chifukwa lonjezo lachiwiri likaphonyeka sadzatimveranso.

Za chithunzi cha thumba lija, ndinatsala pang'ono kuiwala. Muchipemphe kumapeto, mutawauza kale zimene tiwachitire, ndipo munene kuti tikuchifuna kuti tikaonetse mwini galimoto. Mukachipempha poyamba, aganiza kuti tikuwakayikira. Muwapemphenso kuti atsegule matumba anayi enawo, alowetse dzanja mpaka pansi ndi kununkhiza, chifukwa mpunga wolowa chinyezi umabumbana ndipo umayamba fungo la nkhungu kunja kukuoneka bwinobwino. Ngati lina lakhudzidwa, nalonso tilisintha.

Mukalemba, nditumizireni kaye ndiuone musanawatumizire.