Kalata yodzifotokoza: thandizo la ena lithere pati?

Zikomo makolo, aphunzitsi anzanga, ndi inu achinyamata amene mukufunsira malo ku yunivesite kapena sikolashipu. Mwandipempha kuti ndilankhule za kalata yodzifotokoza, ija imene wofunsira malo amalemba pofotokoza kuti iye ndi ndani ndipo akufuniranji maphunzirowo. Funso lanu ndi loti kholo, mphunzitsi kapena mkonzi wolipidwa angathandize mpaka pati kalatayo isanasanduke ya munthu wina.

Kuthandizidwa pakokha si mlandu. Olandira makalatawa amadziwa kuti wina anaiwerengako kalata yanu. Koma amafuna kuti ikhale yanu. Ku America, amene amafunsira kudzera pa Common App, fomu imodzi ya pa intaneti yofunsira malo ku mayunivesite ambiri, amalemba mawu osapitirira 650, ndipo asanatumize amavomereza kuti zimene alembazo ndi ntchito yawoyawo komanso ndi zoona. Ku Britain, bungwe la UCAS, limene limalandira mafomu ofunsira malo ku mayunivesite, limalola zilembo 4,000, ndipo kuyambira ndi amene akulowa mu 2026 kalatayo ili m'mafunso atatu. UCAS imagwiritsa ntchito makina a kompyuta kuyerekeza kalata iliyonse ndi makalata amene inalandira kale, ndipo ikapeza kufanana kokayikitsa imadziwitsa mayunivesite amene mwafunsirako. Komatu makina amenewa amagwira wokopera. Sangadziwe kuti ndime yachiwiri analemba ndi bambo ake a mwana usiku mwanayo ali mtulo. Ndiye malirewo tiyenera kuwadziwa tokha.

Tiyerekeze mtsikana amene akufuna maphunziro a unamwino. Walemba chiganizo choyamba: "Ndikufuna kukhala namwino chifukwa ndimakonda kuthandiza anthu." Chiganizochi si bodza, koma aliyense wofunsira unamwino angathe kuchilemba. Akupita nacho kwa aphunzitsi ake. Aphunzitsiwo sakugwira cholembera. Akungofunsa kuti, "Iwe, unathandizapo ndani? Unachita chiyani kwenikweni?" Mtsikana uja akuyamba kufotokoza za agogo ake odwala shuga amene anali ndi chilonda kuphazi. Kwa miyezi itatu ankatsuka chilondacho m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, n'kumalemba m'kope mmene shuga wakwerera kapena watsikira. Tsiku lina anaona kuti khungu lozungulira chilonda latupa ndipo likutentha, anakakamira kuti agogo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Aphunzitsi akuti, "Kalembe zimenezo." Iye akukalemba yekha.

Onani kuti kalata yasinthiratu chifukwa cha aphunzitsi aja. Chikhala kuti sanafunse, nkhani ya agogo sikanatuluka. Komabe kalatayo ndi ya mtsikanayo yonse yathunthu, chifukwa zimene zinachitika ndi zake, kuganiza tanthauzo lake ndi kwake, ndipo mawu ndi ake. Thandizo lalikulu chotero, koma silinadutse malire. Choncho musamayeze thandizo ndi kuchuluka kwake. Muziyang'ana kuti lalowa potani.

Tsopano kalata ija yafika kwa bambo ake. Bambowa amamukonda mwana wawo, ndipo ine sindikuwanyoza, poti inenso ndine kholo ndipo dzanja limandiyabwa ndikaona chiganizo chopindika cha mwana wanga. Akuwerenga n'kunena kuti nkhani ya agogo ndi yaing'ono. Akuwonjezera kuti mtsikanayu anagwirapo ntchito yongodzipereka pachipatala, chonsecho anangopitako kawiri kukaona agogo omwewo. Ili ndi bodza, ndipo bodza m'fomu lingachititse kuti malo kapena sikolashipu ilandidwe ngakhale mwana atayamba kale maphunziro. Koma palinso china chovuta kuchiona. Bambo aja akuchotsa mawu oti "khungu linatupa ndipo linkatentha" n'kuikapo chiganizo chachitali chonga cha mu lipoti la ku ofesi, chonena za kufunika kwa ntchito zaumoyo pa chitukuko. Palibe bodza m'chiganizocho, koma maganizowo si a mwana wa zaka 18 ameneyu. Ndipo chimene chachotsedwacho ndicho chinkasonyeza kuti ali ndi diso la namwino.

Nanga mkonzi wolipidwa? Kulipira sikusuntha malire. Chimene n'chololedwa kwa mphunzitsi n'chololedwa kwa mkonzi, chimene n'choletsedwa n'choletsedwa kwa onse awiri. Vuto ndi loti wolipidwa amafuna muone kuti ndalama yanu yagwira ntchito, ndiye amakonda kukubwezerani kalata yosalala kwambiri. Ngati wakonza masipelo, wasonyeza pamene mneni sakugwirizana ndi mwininkhani, kapena walemba m'mbali kuti "ndime iyi ikubwereza yoyamba" ndi "apa sindikumva chimene ukutanthauza", ali m'malire. Ngati wakutumizirani mafunso, inu n'kuyankha, iye n'kukulemberani kalata kuchokera pa mayankhowo, kalatayo ndi yake ngakhale zonse zili mmenemo zikhale zoona. Musanamulipire mumuuze kuti mukufuna ndemanga zake ndiponso kuti kusintha kulikonse kuonekere, monga ndi Track Changes mu Word, osati kalata yomalizidwa kale.

Pamene pamavuta ndi pakati. Mphunzitsi wanena kuti, "Bwanji unene chonchi," n'kupereka chiganizo chonse. Maganizo anga ndi awa. Ngati chiganizocho chikungowongola galamala ya zimene mwana ananena kale, tanthauzo osasintha, chilandireni. Ngati chikubweretsa ganizo limene mwanayo analibe, makamaka pa chiganizo chotsegulira, chotsekera, kapena chimene chikunena zimene anaphunzirapo, musachikopere. Mvetserani chimene mphunzitsi akuona, tsekani pepala lakelo, dikirani mpaka mawa, kenaka lembani ndimeyo panokha osayang'anako. Chimene chatsala m'mutu mwanu n'kutuluka m'mawu anu, chimenecho mwachimvetsa.

Chenjeraninso ndi kuunjikana. Ndinaonapo kalata ya wophunzira wanga imene inadutsa m'manja mwa anthu asanu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anachita choipa. Aliyense anasintha mawu awiri apa, chiganizo chimodzi apo. Titaika kalata yoyamba pambali pa yomaliza, tinapeza ziganizo zitatu zokha zimene zinatsala monga analembera mwiniwake. Ndinamufunsa tanthauzo la liwu lina m'ndime yoyamba, anangoyang'ana pansi. Kuyambira pamenepo ndimalangiza kuti owerenga akhale awiri, wina wokudziwani bwino ndi wina wodziwa maphunziro amene mukufunsirawo, ndipo wotaipa azikhala inu nokha.

Wina kumbuyoko wafunsa za amene akulemba m'Chingerezi pomwe si chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Kukonzeredwa galamala n'koyenera, koma musalole kuti Chingerezi chanu chikwezedwe kufika pamene simungathe kuchiyankhula. Olandira amaonanso magiredi anu ndi kalata ya aphunzitsi, ndipo masikolashipu ambiri amakuitanani ku intavyu kumene amafunsa kuchokera pa zimene munalemba. Muwerengenso malamulo a kumene mukufunsirako, chifukwa ena amaletsa ngakhale kukonzeredwa kumene ine ndavomereza kuno, ndipo lamulo lawolo ndilo likugwira ntchito.

Musanatumize, makolo, chitani ichi. Tengani kalatayo, mwana asaiyang'ane. Sankhani ziganizo zitatu paliponse, muwerenge mokweza, ndipo pa chilichonse mufunse kuti, "Apa umatanthauza chiyani? Zinachitika liti?" Mtsikana wathu uja mukamufunsa za chilonda cha agogo adzayankhula mpaka mumuletse, adzakuuzani ndi mtundu wa kope lomwe. Mukamufunsa za chiganizo cha chitukuko chija adzangochibwereza monga chalembedwera. Chimenecho chifufutidwe, ndipo pamalopo alembepo yekha.